Mmene azakhali anayezera bwalo ndi chingwe kuti mabenchi a anthu 45 akwane opanda ndewu

Azakhali anga amagulitsa usipa kuno ku Mzuzu, amakapikula ku Nkhata Bay, kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu koma iwo akhalitsa kuno moti Chitumbuka amachiyankhula ngati anabadwira pompano. Gulu lawo la mavenda litapatsidwa kabwalo kopanda kanthu m'mbali mwa msewu kuti achoke mmene ankakhala mothinana muja, nkhani yoyamba sinali ya matabwa kapena malata ayi, inali yoti ndani akhala pati. Anthu analipo 45. Tsiku loyamba lomwelo ena anali atayamba kale kuika miyala ndi masaka kutsogolo kwa msewu kuti pano ndi panga, abambo ena a kaunjika anachita kumanga chingwe malo oti mungaimikepo minibasi.

Ine ndinali wogwira chingwe, ndiye zonse ndinaziona ndi maso. Ndizilemba mwa ndondomeko mmene zinayendera kuti amene akumane ndi zoterezi angotsata, manambala okhawo ndi amene musinthe malinga ndi malo anu.

Musanagwire chingwe

Malire a bwalo muwadziwe kaye kuchokera kwa eni ake, kaya ndi a khonsolo kaya ndi mwini puloti, ndipo akamakulozerani pakhale anthu a m'gulu osachepera atatu. Ife anatilozera kuti kutsogolo ndi msewu kuyambira pa polo ya magetsi mpaka pa kona ya mpanda wa eni nyumba oyandikana nawo, kumanja ndi mpandawo, kumbuyo ndi ngalande, kumanzere ndi kanjira ka anthu oyenda pansi. Azakhali anakhoma chikhomo pakona iliyonse anthuwo asanachoke.

Zida sizambiri. Tepi ya mamita 5 tinabwereka kwa kalipentala, chingwe cha mamita 30 tinagula, zikhomo tinasema ku zigwagwa zotsala, hamala, kachitini ka penti, phulusa lodzadza ndowa lojambulira mizere pansi, kope ndi foni ya kalikuleta. Basi.

Chingwecho ndi chimene chimanamiza anthu ambiri. Cha nailoni chimatamuka mukachikoka mwamphamvu, cha khonje chikanyowa chimafupika, ndipo kuno m'mawa udzu umakhala uli chinyowere ndi nkhungu ndiye mukachikhwekhwereza pansi pofika 10 koloko sichingwe chomwe chija munali nacho 6 koloko. Azakhali anachimanga pakati pa polo ndi mtengo usiku wonse chili chokoka kuti chitamukiretu, m'mawa ndi pamene tinachiika zizindikiro, mita iliyonse kadontho ka penti, mamita 5 aliwonse kansanza kofiira kolowetsa pakati pa ulusi wa chingwecho. Osamanga mfundo ngati chizindikiro, mfundo iliyonse imadya chingwe, mukamanga 30 mupeza kuti chafupika koonekeratu. Ndipo wokoka chingwe akhale mmodzi yemweyo tsiku lonse chifukwa mphamvu za anthu zimasiyana.

Kuyeza mbali zonse zinayi

Apa ndi pamene mkangano woyamba unathera wokha. A tcheyamani anali atayenda ndi mapazi kutsogolo ndi m'mbali, anapeza 24 ndi 18, anachulukitsa nkupeza 432, anagawa ndi 4 poti benchi ya mamita 2 uku 2 uku ndi masikweya mita 4, ndiye anauza anthu kuti pano pakwana anthu oposa 100, itanani ndi abale anu omwe. Azakhali anangoti, a tcheya, nanga ogulawo adzauluka?

Titayeza ndi chingwe tinapeza kutsogolo mamita 24 zoonadi, kumanzere 18, koma kumbuyo mamita 21 ndi kachidutswa kosawerengeka, kumanja kotsata mpanda 18 ndi kota. Ndiye kuti bwalolo silinali la makona oongoka, mpanda uja umabwera ukulowa mkati pang'onopang'ono, pofika kumbuyo wadya mamita 3. Ndi maso simungaone. Malo ambiri m'tauni muno ali choncho chifukwa mipanda ndi ngalande zimatsata mmene phiri lakhalira, ndiye musayeze mbali ziwiri zokha nkuganiza kuti zinazo ndi chimodzimodzi.

Kukula kwake kwenikweni mumapeza potenga 24 kuphatikiza 21, kugawa pakati, ndiye 22 ndi hafu, kuchulukitsa ndi 18, zikukwana 405. Nambala imeneyi isungeni ingokuthandizani kuyankha anthu pa msonkhano, koma siyogawira mabenchi. Zogawira ndi izi: mkati mwa bwalo lopotokalo mujambulemo lina loongoka bwinobwino, ndipo pa mbali ziwiri zoyang'anizana, yaifupi ndi imene imalamula. Lathu linakhala 21 kutsata msewu, 18 kulowa mkati. Kotsalako ndi kachidutswa kosongoka ngati nsonga ya mkondo, kumsewu ndi kotambalala mamita 3, kumbuyo kumathera pa ziro. Za kameneko ndinena kutsogoloku chifukwa kanavuta kuposa bwalo lonse.

Kuongola kona

Azakhali izi anaphunzira kwa malemu amuna awo amene anali mmisiri womanga nyumba, amati atatu, anayi, asanu. Mukakhala ndi mbali zitatu, ina mamita 3, ina 4, ina 5, kona ya pakati pa 3 ndi 4 imakhala sikweya yeniyeni ngati ya chitseko. Pa bwalo lalikulu ndi bwino kuwirikiza, 6, 8, 10, chifukwa kakona kakang'ono mukakalakwitsa ndi chala chimodzi pofika mamita 18 cholakwikacho chakula.

Tinachita chonchi. Tinakoka chingwe china chowonda kutsogolo kutsata msewu, kuchokera pa chikhomo cha kona ya kumanzere. Kuchokera pa kona imeneyo tinayeza mamita 8 motsata chingwecho nkukhoma chikhomo chachiwiri. Kenako chingwe chathu cha zizindikiro chija, poyambira pake tinagwirizira pa kona, pa chizindikiro cha 16 tinagwirizira pa chikhomo chachiwiri, ine ndinagwira pa chizindikiro cha 6 nkuyenda kulowa m'bwalo mpaka mbali zonse ziwiri zitakokeka. Mbali ina ikhala 6, inayo 10, pamene ndaima ndi pamene pakhomedwe chikhomo chachitatu. Mzere wochoka pa kona kudutsa pa chikhomo chachitatu mukaupitiriza mpaka mamita 18, imeneyo ndi mbali yanu ya kumanzere. Kumanja timachita zomwezo kuyambira pa chizindikiro cha 21.

Musakhulupirire kuti mwamaliza. Yezani chopingasa, kuchoka kona ya kutsogolo kumanzere kufika kona ya kumbuyo kumanja, kenako inayo. Ngati kutsogolo ndi kumbuyo nzofanana, m'mbali nzofanana, ndiye kuti zopingasa ziwirizi zikafanana bwalo lanu laongoka. Kwa 21 ndi 18 ziyenera kukhala mamita 27 ndi masentimita 66 iliyonse. Ife ulendo woyamba tinapeza ina 27.9 ina 27.4, zasiyana ndi hafu mita. Ine ndinati azakhali zimenezi nzazing'ono tiyeni tipitirize, dzuwa lakwera. Anandiyang'ana nkunena kuti iwe, hafu mita imeneyo mawa ikhala pa benchi ya munthu, ndipo munthuyo abwera kunyumba kwanga osati kwako.

Kukonza kwake sikovuta. Zikhomo zakutsogolo osazigwira. Zakumbuyo zonse ziwiri muzisunthe mofanana kulowera mbali imodzi, chikhomo chimene chili kumapeto kwa chopingasa chachitali chilowe mkati, chinzakecho chituluke. Zathu zinali zitapendekera ku mpanda ndiye tinazibweza cha ku kanjira kaja ndi masentimita 33, titayezanso zinasiyana ndi zala ziwiri basi, azakhali anati zakwana, si nyumba ya masitepe iyi.

Bwalo lathu ndi lotsetsereka, kumbuyo kutsika mwina mita imodzi poyerekeza ndi kumsewu. Mnyamata wina wophunzira anayamba kunena kuti miyeso yonse yalakwika chifukwa tayeza motsata nthaka. Tinawerengera pa foni, kutsika kwa mita imodzi pa mamita 18 kumangowonjezera masentimita 3. Ndiye kutsetsereka kotere kusakudetseni nkhawa pa muyeso, kukudetseni nkhawa pa madzi.

Mizere iyang'ane kuti

Apa ndi pamene pagona chilungamo chonse, kuposa tepi. Anthu ambiri ankafuna mizere yotsata msewu, mzere woyamba kutsogolo, wachiwiri kumbuyo kwake, choncho choncho. Aliyense ponena zimenezi ankadziona ali mu mzere woyamba. Koma mukatero anthu 10 kapena 11 akutsogolo amatseka onse, kasitomala akatsika pa kabaza amagula pomwepo nkubwerera, akumbuyo amangoona misana ya anzawo mpaka tomato kuola. Mapeto ake akumbuyowo amanyamula mabeseni nkukakhala mumsewu, ndiye mwabwerera pomwe munachoka.

Azakhali anatembenuza. Njira za ogula zichoke kumsewu kulowa mkati, mabenchi akhale mbali zonse ziwiri za njira kuyang'anizana. Munthu ali pamsewu akayang'ana amaona njira yonse mpaka kumapeto, katundu yense akuoneka. Komanso poti bwalo latsetserekera kumbuyo, madzi a mvula amatsata njira zomwezo kupita ku ngalande, osati kumagunda mizere ya mabenchi nkudikha. Amene mwakhalako kuno mukudziwa kuti mvula yathu sitha msanga ngati kwathu ku Ntcheu, mwezi wa Epulo imakhala ikadagwa, kenako kumabwera kamvula kowaza ka nyengo yozizira, ndipo dothi lofiirali likanyowa limaterera ngati sopo.

Tsopano masamu ake. Malo a munthu mmodzi kuchoka pa njira kubwerera kumbuyo tinati mamita 2, mita imodzi ya benchi, inayo yoimapo mwini wake ndi masaka ake. Njira imodzi ndi mizere yake iwiri, ngati njirayo ndi mamita 2, zikudya mamita 6. Mu 21 zikulowamo katatu, kutsala mamita 3. Pa mamita 3 amenewo wina anati tiikepo mzere wina wa mabenchi, koma mzere wopanda njira yake ugulitsa kwa ndani? Ndiye tinawagawa. Njira iliyonse tinaiwonjezera hafu mita kuti ikhale 2 ndi hafu, zatha mita imodzi ndi hafu. Yotsalayo tinaidula patatu, hafu mita kumalire a kanjira ka kumanzere, ndi hafu mita pakati pa mizere yopatsana misana, malo awiri, kuti pakumbidwe kangalande kolandira madzi a padenga.

Za njira ya mamita 2 ndi hafu anthu anadandaula kuti tikutaya malo. Azakhali sanatsutsane nawo, anaitana mnyamata wa wilibala, anaimika amayi awiri mbali iyi ndi iyo ngati akugula atawerama, wina ali ndi mwana kumsana, nkumuuza mnyamatayo kuti dutsa. Pa mamita 2 anagunda. Nkhani inathera pomwepo.

Pa chingwe chakutsogolo, kuwerenga kuchokera pa kona ya kumanzere, zikhomo zinakhala pa 0.5, 2.5, 5, 7, kenako 7.5, 9.5, 12, 14, kenako 14.5, 16.5, 19 ndi 21. Zomwezo pa chingwe chakumbuyo, nkulumikiza chikhomo ndi chinzake, nkuthira phulusa motsata chingwe. Mizere 6, njira 3. Yotsiriza ikapanda kugwera pa 21 ndendende dziwani kuti pena mwadumpha.

Angati mu mzere umodzi

Kulowa mkati tinali ndi mamita 18. Kutsogolo tinasiya mamita 2 kuti ogula asaime mumsewu, kumbuyo mamita 2 ena kuti pakhale njira yolumikiza njira zitatu zija. Yakumbuyoyi musaisiye, ikapanda kukhalapo munthu amafika pakati nkubwerera poona kuti kutsogolo nkotseka, koma ikakhalapo amazungulira nkutulukira njira ina ndipo akumapeto nawonso amagulitsa. Kwatsala mamita 14.

Aliyense ankafuna benchi ya mamita 2 m'litali. 14 kugawa ndi 2 ndi 7, mizere 6, ndiye malo 42. Anthu 45. Atatu alibe malo.

Panali phokoso, ena akuti obwera kumene achoke, ena akuti tichepetse njira, ndipo a tcheya anabwereranso ku 100 yawo ija. Azakhali anakhala pa ndowa ndi kope nkundiuza kuti tagawa 14 ndi 8. Inabwera 1.75. Ndiye kuti aliyense akalolera kutaya masentimita 25, kutalika kwa chikhatho chotambasula ndi pang'ono, mzere uliwonse ulowa anthu 8, onse pamodzi malo 48. Onse akwana, atatu atsala. Anadula nsungwi ya mita imodzi ndi masentimita 75 nkuiika pa benchi yakale ya mayi wina wa tomato amene ankalongolola kwambiri, benchi yakeyo inapezeka kuti ndi yaifupi kuposa nsungwiyo. Anthu anaseka, iyenso anaseka.

Taonani chinthu ichi, malo onse 48 mukawaphatikiza ndi masikweya mita 168 okha pa 405 aja. Kuposa theka la bwalo lapita ku njira, ngalande ndi kachidutswa kaja. Munthu akakuuzani kuti wagawa kukula kwa bwalo ndi kukula kwa benchi ndiye wapeza chiwerengero cha anthu, nambala yakeyo muidule pakati kenako muchotsekonso.

Podula mzere, osagwiritsa ntchito nsungwi ija kuyeza malo amodzi kenako kuyambira pamene yathera, kenako pamene yathera. Nthawi iliyonse chikhomo chimadyako, dzanja limawonjezako, makamaka mwini malo akaima pompo akukuyang'anani. Anthu 7 oyamba akangopitirira ndi masentimita 5 aliyense, wa nambala 8 atsala ndi 1.40 ndipo adzanena kuti munachita dala. Kokani chingwe chimodzi mzere wonse nkuika zizindikiro zonse kuwerengera kuchokera poyambira, 1.75, 3.5, 5.25, 7, 8.75, 10.5, 12.25, 14. Mukalakwitsa chimodzi cholakwikacho chimathera pomwepo, sichisamukira kwa ena. Ife tinapanga chingwe chapadera cha zizindikiro zimenezi nkumangochisamutsa mzere ndi mzere, mizere 6 inatha mu ola limodzi. Chikhomo chili pamalire ndi cha anthu awiri, malire ndi pakati pake, mzati wa shedi ukhale mkati mwa malo ako.

Ndipo gwirizanani za denga tsiku lomwelo. Malata kapena pepala la pulasitiki lipendekere kumbuyo, madzi agwere mu kangalande ka hafu mita kaja, kutsogolo lisatuluke kupitirira masentimita 30. Mukapanda kunena, wina adzatulutsa denga mpaka pakati pa njira, madzi ake azigwera pa ufa wa mnzake woyang'anizana naye.

Malo ofanana kukula sakhala ofanana phindu

Pamenepa nkuti palibe amene akudziwa kuti malo ake ndi ati, ndipo azakhali anachita dala. Miyala ndi masaka aja anachotsetsa m'mawa. Amati munthu akadziwa malo ake asanayezedwe, tepi imayamba kutamuka.

Choyamba tinagawa mizere malinga ndi katundu. A nsomba analipo 7, anapatsidwa mzere wa kumanzere kwenikweni kufupi ndi kanjira, kuyang'anizana ndi a tomato ndi anyezi 8, chifukwa wogula usipa safuna kuyenda mtunda kuti apeze tomato. Njira yapakati, mbali ina a masamba, nthochi ndi mbatata 8, mbali inayo a mpunga wa Kilombero, nyemba ndi ufa 8. Njira ya ku mpanda a kaunjika, nsapato ndi mapulasitiki 14, kutali ndi nsomba kuti malaya asamanunkhe usipa. Phatikizani muona kuti ndi 45. Malo atatu otsala, amodzi mu mzere wa nsomba awiri kwa a kaunjika, tinasiya akumapeto kwenikweni, ena anakhala poika mgolo wa madzi osamba m'manja, ena osungira matsache ndi zida za gulu, ena kudikira munthu amene komiti idzavomereze.

Kenako mayere, mzere uliwonse paokha. Tinatola zitsekerero za mabotolo, kulemba nambala mkati ndi penti, 1 kumsewu mpaka 8 kumbuyo, kuponya mu ndowa, kuvindikira ndi chitenje. Zitsekerero zikhale za mtundu umodzi zosaphwanyika, anthu amadziwa kupapasa. Dzina likaitanidwa mwana wamng'ono amapisa dzanja nkutulutsa, nambala imawerengedwa mokweza, mlembi amalemba mu kope, mwini dzina amasaina kapena kudinda chala. Agogo ena a masamba amene amayenda ndi ndodo anapatsidwa nambala 1 mayere asanayambe, koma azakhali anayamba afunsa mzere wonsewo kuti amayi, abambo, alipo akukana? Zoterezi muzinena poyera mayere asanachitike, mukazichita pambuyo pake zimatchedwa katangale ngakhale mutakhala ndi mtima wabwino.

Komabe malo 6 akumsewu aja ndi onona, zimenezo sitingabise, ali ndi maso awiri, kunjira ndi kumsewu. Ena anati tizisinthana mwezi ndi mwezi. Ine ndinaona ngati nzanzeru koma azakhali anakana, ndipo pano ndikuvomereza kuti iwo ndi amene ankaona patali, munthu akakhoma shedi yake ndi matabwa ake sangazule mwezi uliwonse, komanso kasitomala amabwerera pamalo pamene anakusiya. Anagwirizana zoti akumsewuwo azipereka kawiri ndalama ya gulu yolipira mlonda ndi wosesa, akumapeto a nambala 8 ndi 7 azipereka theka poti ndi amene amalandira madzi onse. Chiphaso cha tsiku ndi tsiku cha khonsolo sichikukhudzidwa, chimenecho aliyense amadula payekha. Amene wapeza nambala 1 koma sakufuna kulipira kawiri atha kusinthana ndi wina tsiku lomwelo pamaso pa komiti, mmodzi anaterodi.

Kachidutswa kosongoka kaja ndiye kanatenga ola lathunthu. Kali pamsewu, mamita 3 kutambalala, aliyense ankakafuna. Abambo a kaunjika a chingwe chachikulu aja anati poti ine ndili ndi katundu wambiri ndingotenga kameneko sindivutanso. Azakhali anati achimwene, mukatenga inu mawa wina anena kuti tinayeza mopotoka dala kuti mupeze malo. Anagwirizana kuti pasakhale wogulitsa aliyense, pakhale potsitsira katundu m'mawa ndi poimika njinga, kosongoka kwenikweni kumbuyoko poika madengu a zinyalala. Tinakhomapo mizati iwiri yaifupi kuti munthu asaikepo benchi usiku.

Azakhali eni ake anakana kuti dzina lawo liitanidwe, anati ine nditenga chitsekerero chimene chitsale mu ndowa. Chinatsala cha nambala 7, chakumapeto kwenikweni kwa mzere wa nsomba moyandikana ndi mgolo wa madzi. Pobwerera kunyumba ndinawafunsa kuti azakhali mwavutika tsiku lonse ndiye mwapeza kumatope? Anati ukanafuna ndipeze nambala 1 kuti undiperekeze ku polisi?

Mukamaliza

Phulusa limachoka ndi mvula imodzi, zikhomo za matabwa ana amazula kapena wina amasunthako usiku. Ndiye makona anayi a bwalo ndi poyambira pa mzere uliwonse tinakwirira mabotolo chozondotsa, matako ake okha kuonekera, pena zidutswa za njerwa zopaka penti. Mapu tinajambula mu kope ndi manambala onse, aliyense wa komiti anajambula ndi foni yake, pepala lina linapita kwa amene anatipatsa malowo. Chingwe cha zizindikiro chija sichinabwerere kukayanika zovala, chimasungidwa ndi mlembi.

Chimene chimachitika pakapita masabata angapo si kusuntha malire a m'mbali ayi, poti mnzako woyandikana naye amakhala maso. Ndi kutsogolo. Wina amaika beseni patsogolo pa benchi, mawa kabokosi, mkuja benchi yeniyeniyo yatuluka ndi phazi limodzi, woyang'anizana naye poona choncho nayenso amatuluka, njira ya mamita 2 ndi hafu ija wilibala osadutsanso. Mudziwa kuti zayamba mukaima pamsewu nkuyang'ana mzere, miyendo ya mabenchi imaoneka ngati mano osaongoka, kapena madzi a mvula akayamba kukhota malo amene kale ankangodutsa.

Azakhali anadula nsungwi ina ya mamita 2 ndi hafu ndendende. Lolemba lililonse m'mawa wosesa amaigwira chopingasa m'chiuno nkuyenda nayo njira zonse zitatu kuyambira kumsewu mpaka kungalande, pamene yakodwa mwini benchi amabweza yekha, palibe kuyankhula zambiri. Lolemba lachitatu inakodwa pa mzere wa nsomba, nambala 7, beseni la usipa linali litatuluka pang'ono kuthawa madzi odontha pa mgolo. Wosesayo anaima osadziwa choti anene, amayi a tomato aja akukuwa kuti bwezani amama bwezani, azakhali anadzuka nkulikoka okha, kenako anandituma kuti ndikasunthe mgolowo.